Akuti foni ndiye yolakwa, koma mayi aja pazenera paja anawakhazika ndani?

Sabata ino yandikwana magaye. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, timavidiyo ta pa sitetasi ta shopu ina ya nsapato ku Tawuni ndiye kenako kuedita mpaka maso kuwawa, palibe choti ndinganene. Nkhani ili pa Lachitatu, ndipo mpaka pano mtima sunatsikebe.

Kaye mudziwe kuti kuofesi kwathu tirayipodi inathyoka mwendo kalekale, magetsi athu ojambulira aja anabwerekedwa ndi m'bale wawo wa abwana pa ukwati ndipo sanabwerenso. Ukafunsa amati tigula kasitomala uyu akalipira. Makasitomala alipira angati? Ndiye ine ndimapita kukagwira ntchito ndi foni yanga, chaja yanga, ndi manja awiriwa basi. Sindikudandaula za foni ayi, foni imajambula bwinobwino ukaipatsa kuwala ndi pokhala, chomwe chimandipweteka ndi choti ukasowa zida umafunika nthawi yokonza malo, ndiye nthawi yomweyonso akukumana.

Lachitatulo tinali ndi mayi ena osoka ku Eriya 25, amafuna kavidiyo kofotokoza za madiresi a chinkhoswe, kokaika pa Fesibuku. Abwana anati tipitira limodzi poti mayiwa ndi odziwana nawo kutchalitchi. Tinafika cha m'ma 11 koloko mmalo mwa 9, abwana akuti ali ndi mitingi ina 12 koloko ku Site Senta, ndiye zonse zitheke mu mphindi 20.

Shopu yake ndi kachipinda kamodzi, khomo kumbali, zenera lalikulu loyang'ana kumpoto. Amene mumajambula mukudziwa kuti mwezi wa Julaye uno dzuwa kuno kwathu limadutsa chakumpoto, silifika pamutu penipeni ngati mu Novembala, ndiye zenera loyang'ana kumeneko limamwa dzuwa lenileni pafupifupi tsiku lonse. Nditangolowa ndinaona kuti kuwala tili nako kokwanira, nkhani ndi kungowatembenuza mayiwa kuti ayang'anizane nako. Koma tebulo lawo lili pansi pa zenera lomwelo, iwo amakhala chofulatira zenera kuti aziona bwino ulusi, ndipo pazenerapo pali katani yokongola ya leisi. Abwana kungoona kataniyo basi, akhale pompo mayi, pakuoneka bwino pamenepo.

Ndinati bwana, nkhope ida. Iwo akuti iwe usavute, ndikuwaona bwinobwino ine. Eee kumene, ndi maso mukuwaona, chifukwa diso la munthu limatha kuona zowala ndi zamdima nthawi imodzi. Foni siyitha. Ikaona zenera lowala kumbuyo imachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse kuti zeneralo lisapse, munthu nkusanduka chithunzithunzi chakuda. Ukadina pankhope kuti iwale, zenera limasanduka chigamba choyera mbee, katani yokongola ija osaonekanso, ndipo m'mphepete mwa mutu mumachita ngati chifunga. Ndinawaonetsa pa sikirini zonse ziwiri. Yankho lake? Yatsa babu. Tinayatsa, kababu kamodzi kachikasu ka padenga, sikangalimbane ndi dzuwa la masana, komwe kanachita ndi kupaka chikasu pachipumi pa mayiwa pomwe mapewa awo akuoneka obiriwira ngati mtambo chifukwa cha kuwala kwa panja. Mitundu iwiri pa munthu mmodzi, foni kusowa kuti itsate uti, ndiye mtundu wa vidiyo umangosinthasintha iwo akasuntha.

Ndiye ndijambule chogwira m'manja, chiimirire, poti nthawi yosaka poika foni palibe. Ndinachita zomwe timachita tonse, zigongono kuzikanikiza m'nthiti, miyendo kutangadza, kupuma pang'onopang'ono, phewa kutsamira khoma. Zimenezi zimagwira pa kilipi ya masekondi 10 kapena 15. Mayiwa anayankhula mphindi 6. Pofika mphindi yachitatu manja anayamba kutsika okha, mutu wawo ukukwera kukagunda pamwamba pa chithunzi, ine nkukweza, nkutsikanso. Kuonjezera apo abwana ali pakhutu panga, zuma aone mkanda wa diresi. Kuzuma ndi zala pa foni yanga ndi kungodula chithunzi nkuchikulitsa, chimaphwanyika, ndipo kunjenjemera kulikonse kwa dzanja kumakula nako. Ndinazuma. Ndi abwana.

Lachinayi m'mawa ndinatumiza zomwe zinatuluka, mayiwa anayankha mwaulemu kuti koma ndikuoneka ngati ndili kumaliro. Sananame. Ndinayesa kukweza kuwala pa kompyuta koma pomwe foni sinajambule kanthu palibe chomwe ungakweze, pamangotuluka timadontho ngati mchenga, ndiye Watsapu ikapanikizanso vidiyo ija nkhope imangokhala phala. Chinandiwawa kwambiri ndi chakuti pa mitingi ya masana, pamaso pa anzanga, abwana anati vuto ndi foni yako yachikale komanso sunaikepo mtima. Ine kungoti zii. Ndikanayankha ndikanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Lachisanu ndinapitanso ndekha, minibasi ndi kabaza ndalama ya m'thumba mwanga, osawauza. Ndinafika 9 koloko ndinati mayi, mundipatse mphindi 30 ndisanajambule kalikonse, ndisokoneza shopu yanu pang'ono koma ndibwezeretsa. Iwo akuti chitani achimwene, bola ndisaonekenso ngati mzukwa.

Choyamba babu ndinathimitsa. Mpando wawo ndinauchotsa kuseri kwa tebulo nkuuika pakati pa chipinda, ngati mita imodzi ndi theka kuchoka pazenera, iwo atatembenuka mwakuti zenera lili kutsogolo kwawo koma chakumbali, osati maso ndi maso. Ukawayang'anitsa zenera ndendende nkhope imawala yonse mofanana nkukhala ngati chithunzi cha pa chiphaso, ukaliika kumbali kwenikweni theka la nkhope limada. Pakatikati pamenepo mpomwe pamakoma, tsaya limodzi lowala linalo lili ndi kamthunzi kofewa. Dzuwa linali likulowa m'chipindamo lakuthwa, kujambula mizere ya zitsulo za pazenera pansi ndi kuwatsinzinitsa maso, ndiye ndinapempha nsalu yoyera yopyapyala ija amaika mkati mwa madiresi, tinaipachika pazenera ndi mapini. Kuwala kunafewa pompo, mithunzi yakuthwa pansi pa mphuno ndi chibwano inatha. Mbali yamdima ija ndinaimika mtsikana wawo wophunzira kusoka atagwira kalendala yaikulu choitembenuza, kumbuyo kwake koyera kuja kukubweza kuwala kutsaya. Ukaiyandikitsa umaona pa sikirini mthunzi ukuchepa, ukapitirira nkhope imaphwa, ndiye tinasuntha mpaka tinapeza pabwino, ngati mkono umodzi kuchoka paphewa.

Poika foni ndinalakwitsa kaye. Ndinaitsamiritsa pa tebulo la mashini ena, ndiye mnyamata wosoka pamenepo atangoponda chopondera chithunzi chonse chinayamba kunjenjemera ngati chili m'madzi. Ndinachotsa. Tinatenga situlu, pamwamba pake ndowa yovundikira, pamwamba pa ndowa zitenje zopinda mpaka lenzi inafika mulingo wa maso awo atakhala pansi, kenako foni ndinaimangirira ndi mphira ku chitini chodzadza mabatani kuti chilemere. Mulingo wa maso umenewu musamaupeputse, foni ikatsika mumajambula mphuno ndi denga, ikakwera munthu amaoneka wofupika ngati akupepesa. Ndinayatsa Grid mu kamera kuti timizere tija tindithandize, maso awo pa mzere wapamwamba, mphepete mwa shelefu kulinganiza ndi mzere wogona kuti chithunzi chisapendame. Mmalo mozuma ndinasuntha situlu yonse kuyandikira mpaka anakwana kuyambira m'chiuno, pansi nkusiya malo olembapo mawu ndi nambala yawo. Lenzi kupukuta ndi kansalu, foni yakhala m'thumba ndi thukuta. Kenako kudina pankhope osachotsa chala mpaka itatseka, pa iPhone pamalemba AE/AF LOCK, mafoni ena amaonetsa kaloko, kuti mtambo ukadutsa kapena iwo akakweza nsalu yoyera foni isayambe kusinthasintha kuwala yokha. Ndi Airplane mode, poti abwana akanatha kuimba pakati pa nkhani.

Kumbuyo ndiye kunandidyera nthawi kuposa zonse. Ndi maso sunaone kanthu, shopu ngati shopu, koma utayang'ana pa sikirini wotchi ya pakhoma inali itamera pamutu pawo ndendende, pakona pali majumbo a zidutswa, waya wa ayironi ukulendewera kuseri kwa khutu, ndipo pagalasi loyesera zovala ndikuonekamo ine ndi ndowa yanga. Ubwino wa vidiyo yoimirira ndi woti imaona kampata kochepa, sufunika kusesa shopu yonse, ungokonza kachigawo ka khoma kotalika ngati utatambasula manja. Tinatsitsa wotchi, galasi kulitembenuza, majumbo panja. Mayiwa amafuna tipachike madiresi onse 12 kuti anthu aone kuti ntchito ilipo, apa tinakanganako pang'ono, ndinati mayi zitenje zimenezi zili ndi maluwa ambiri, zikachuluka anthu aziyang'ana khoma osamva zomwe mukunena. Tinagwirizana madiresi atatu, mbali imodzi, ndi mashini awo akuonekera pang'ono mbali inayo kuti aliyense adziwe kuti pano mposoka. Ndipo poti mpando unali kale patali ndi khoma, pafupifupi mamita awiri, mthunzi wawo sunagwere pa madiresi ndipo kumbuyoko kunafewa pang'ono, iwo nkuonekera bwino patsogolo. Madiresi enawo ndinawajambula padera limodzilimodzi pafupi ndi zenera lomwelo, timakilipi ta masekondi 5, timeneti ndiye ta m'manja timatheka.

Kujambula kwenikweniko mphindi 8 zokha, anabwereza kawiri basi. Nditawaonetsa anaitana mayi a shopu yoyandikana nayo kuti bwerani mudzandione, nkundigulira fanta ndi mandasi awiri. Kubwezeretsa tebulo ndi wotchi kunatenganso mphindi 10.

Madzulo ndinaedita nkutumiza pa gulu la kuofesi osalembapo chilichonse. Abwana anayankha kuti waona, ukafuna umatha, wabwereka foni ya ndani? Ndinati ndi yomwe ija bwana. Sanayankhe. Ndalama ya thiransipoti ndalemba pa kapepala ndasiya kwa akawuntanti pamodzi ndi mtengo wa tirayipodi kachitatu tsopano, ndipo Lolemba akuti tili ndi saluni ku Kawale, magalasi makoma onse, abwana akuti apitanso nawo.