Kope la ku Chichiri

Lachitatu usiku, Matawale. Tulo takana, ndiye bola ndilembe.

Masana ano ndinaimbira bambo wina amene nambala yake ili m'kope langa la kuchionetsero cha zamalonda cha ku Chichiri. Papita masabata atatu chitsekereni chionetserocho. Ndinadzitchula bwinobwino kuti ndine mayi wa chiponde wa ku Zomba uja. Anakhala chete kaye, kenako akuti, "Pepani mayi, a chiponde munalipo angapo. Inu ndi ati, a lebulo yofiira aja?" Yanga ndi yobiriwira. Wa yofiirayo anawaimbira Lolemba lotsatira, anawatumizira mitengo ya pa katoni, ndipo katundu wake ali kale pa shelefu m'shopu yawo ku Limbe. Anandiuza mwaulemu ndithu, koma nditadula foni ndinangoti kakasi pakhonde, mtedza uli pamoto mpaka unapserera.

Chikundipweteka n'chakuti bamboyu ndikumukumbuka. Anatembenuza botolo, anayang'ana chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, ndi tsiku lothera ntchito, anafunsa ngati ndili ndi bakodi komanso makatoni angati amene ndingakwanitse pa mwezi. Munthu wogulira ana ake safunsa zimenezo. Amalawa, amafunsa mtengo wa botolo limodzi, basi. Ine ndinaona kuti uyu ndi wa maoda, koma nthawi imeneyo n'kuti ndikusaka chenji cha mayi wina wogula botolo limodzi la magalamu 250, ndiye ndinangomukankhira kope kuti alembe yekha.

Kopelo lili pano pa tebulo. Muli mayina 63. Ndawerenga kawiri. Manambala 9 ndi operewera, wina analemba madijiti 9 m'malo mwa 10, ena sungadziwe ngati ndi 1 kapena 7. Ambiri otsalawo ndi dzina ndi nambala basi, popanda chosonyeza kuti munthuyu ankafuna chiyani. Ndingamuimbire ndinene kuti chiyani? Ena ndikuganiza ndi ana asukulu aja ankalemba poganiza kuti pali mpikisano.

Mphwanga amene ndinapita naye anabwera madzulo kudzatenga ndalama yake yotsala. Ndinamudandaulira, iye osandinyengerera n'komwe. "Anti, vuto linayamba ndi tebulo lija." Ndinakwiya pang'ono, koma akunena zoona. Sitandi yathu inali ya mamita atatu mbali zonse, ndipo ine ndinaika tebulo kutsogolo mopingasa ngati kauntala ya golosale, ife kumbuyo kwake. Munthu wofuna kukambirana za oda analibe polowa kapena pokhala, amaima pamodzi ndi olawa, akukankhidwa. Anzathu a uchi oyandikana nafe tebulo lawo linali m'mbali, mkati muli mipando iwiri. Mnyamata amagulitsa ndi kulandira za Airtel Money ndi Mpamba, mwini wake ntchito yake inali kucheza ndi anthu basi. Ine ndinkamuona ngati waulesi, Mulungu andikhululukire.

Ndinamuonanso akuchita kanthu kena. Munthu akatchula nambala, amaifulasha pomwepo kuti foni ilire m'thumba mwa mwini wake. Akachoka, amalemba yekha mizere iwiri: shopu yake ili kuti, akufuna mabotolo aakulu bwanji, walonjezedwa chiyani ndi tsiku liti. Pa dzina la wa maoda amajambulapo nyenyezi. Madzulo tikupakira, iye amakhala akutumiza pa WhatsApp chithunzi cha katundu ndi mitengo kwa a nyenyeziwo, munthu asanaiwale nkhope.

Ine ndinakonzekera mwezi wathunthu, komatu zonse zinali za katundu. Kukagula mtedza ku Thondwe, kusankha wofumbwa, kumata malebulo mpaka pakati pa usiku, kukangana ndi kondakitala za malipiro a makatoni. Pepala la mitengo ya ogula chambiri sindinalembe n'komwe, moti wofunsa za katoni ndimamuwerengera pa foni ali chiimire. Ndipo nditabwerako ndinali wosangalala chifukwa mabotolo anatha onse. Lero ndachotsera ndalama ya malo, thiransipoti, chakudya ndi zolawitsa, zotsala sizikukwana n'thumba limodzi la mtedza. Phindu linali m'kope muno, ine n'kuliponya m'chikwama pamodzi ndi malisiti, kenako kunagwa maliro ku Jali, kenako ulesi chabe, ndisaname.

Ndadutsamo ndi cholembera chofiira, ndapeza anthu 7 amene ndikuwakumbukako. Mmodzi ndi mayi wa loji ina kuno ku Zomba konkuno, anafunsa za zidebe za makilogalamu 5 za kukhitchini. Ameneyo sindiimba, ndipita ndekha mawa ndi sampulo ndi pepala la mitengo, lomwe sindinalilembebe mpaka pano. Bambo wa ku Limbe uja anati ndiyesenso ikatha miyezi itatu. Kaya amanena zoona kapena amangondichotsa pa foni.

Magetsi azima. Mtedza wopserera uja ukununkhabe m'nyumba monse.