Kalata ya kukoleji itatha, ndinakhala wantchito osadziwa

Ndinamaliza kosi ya zophikaphika pakoleji ina m'tauni muno mu Joni kumayambiriro kwa 2024. Kuti atipatse satifiketi, aliyense ankafunika kukaphunzira ntchito kukhitchini yeniyeni kwa miyezi itatu. Ine ananditumiza kulesitilanti ina ku Fordsburg, ndi kalata yonena kuti ndiyamba pa 4 Malichi n'kumaliza pa 31 Meyi. Malipiro panalibe, koma ankandipatsa R50 ya takisi tsiku lililonse. Ndinali ndi kabuku kamene shefu ankasainamo Lachisanu lililonse, ndipo mphunzitsi wathu anabwera kawiri kudzandiona.

Pa 31 Meyi abwana anangoti, "Lolemba ubwere, tikuonabe ngati ungakwanitse." Ndinapita. Kuyambira pamenepo kabuku kaja sikanasainidwenso, mphunzitsi sanabwerenso, ndipo panalibe wondiphunzitsa kalikonse. Dzina langa linalowa pa pepala la mashifiti lomata pachitseko cha firiji, 8 koloko mpaka 5 koloko, ola limodzi lopuma. Anandipatsa epuloni ya dzina la lesitilanti ndi makiyi a kusitolo. Mnyamata wowotcha nyama atasiya ntchito mu Julaye, malo ake ndinatenga ndine. Koma pakamwa pa abwana ndinali "mwana wasukulu" basi, wa R50 yomwe ija.

Amene ananditsegula maso ndi achimwene ena a kwathu ku Mangochi, omwe tinkachita nawo lendi ku Mayfair. Ataona ndikubwereka ndalama ya lendi kachitatu anati, "Achemwali, kodi sukulu yanuyi ilibe tsiku lotsekera?" Pa 27 Seputembala ndinalimba mtima n'kufunsa za malipiro. Yankho linabwera madzulo omwewo pa Watsapu, loti ndisabwerenso, maphunziro atha.

Uthenga umenewo musafufute, ndi umene umasonyeza tsiku limene anakuchotsani. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30, ndipo amawerenga ndi Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Mukachedwa mumayamba mwapempha kuti akukhululukireni kuchedwako, ndipo akhoza kukana. Ine ndinataya masabata atatu chifukwa cha mantha a mapepala, ngakhale pemiti yanga inali bwinobwino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, Khoti la za Ntchito linagamula kuti mlendo amene pemiti yake yatha amawerengedwabe kuti ndi wantchito ndipo CCMA ingamve dandaulo lake. Izi sizikonza mapepala a munthu, koma zimatseka pakamwa pa bwana wokonda kuopseza.

Ndinapita ku ofesi yawo mumsewu wa Fox pa 21 Okutobala. Salipiritsa. Fomu yake ndi LRA 7.11, ndipo ndinalembapo zinthu ziwiri: kuchotsedwa ntchito, ndi malipiro amene sanandipatse. Pali malo ofunsa ngati mukufuna womasulira. Musanaisiye fomuyo, kope lake liyenera kufika kwa abwana ndipo mukhale ndi umboni. Ine ndinatumiza pa imelo n'kusindikiza tsamba losonyeza kuti yapita.

Nkhani yonse inagona pa funso limodzi: kodi ndinali wantchito? Pa tsiku la mlandu, abwana anabwera ndi kalata ya kukoleji ija, akuti ndinali wophunzira wongodzipereka. Anali ndi pogwira ndithu, chifukwa lamulo la malipiro otsikitsitsa la 2018 silikhudza munthu wogwira ntchito mongodzipereka, amene salandira kanthu ndiponso sayenera kulandira. Koma lamulo la ubale wa pantchito la 1995, pa ndime 200A, silisamala dzina limene mwapatsana. Limatchula zizindikiro zisanu ndi ziwiri, ndipo kwa ife a malipiro ochepa chimodzi chokha chikapezeka munthu amatengedwa kuti ndi wantchito, mpaka bwana atabweretsa umboni wotsutsa. Katundu wa umboni amachoka pamutu panu n'kupita pamutu pake.

Komishinala womva mlanduwo, mayi wachikulire wosakonda zolankhula zambiri, anandifunsa mafunso amene ndinazindikira kuti akutsata zizindikirozo. Ndani ankakuuzani nthawi yolowa ndi yoweruka? Mipeni ndi epuloni zinali za yani? Munkagwiranso kwina? Pa miyezi itatu yomaliza, munkakwanitsa maola 40 pa mwezi? Apa ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa maola 40 ndinkawatha pa sabata imodzi. Ndinatulutsa zithunzi za pepala la mashifiti lija, zomwe ndinkajambula kuti ndisaiwale masiku anga, osadziwa kuti zidzandithandiza motere. Panalinso uthenga wa abwana wa mu Ogasiti wondikalipira kuti ndachedwa ndipo makasitomala akudikira. Wophunzira akachedwa amadzimana yekha phunziro. Ngati kuchedwa kwanu kukuimitsa bizinesi, ndiye kuti bizinesiyo yatsamira pa inu.

Kenako komishinala anatembenukira kwa abwana n'kufunsa kuti pambuyo pa 31 Meyi ndinkaphunzira pansi pa mgwirizano uti. Maphunziro a pantchito ovomerezeka, amene amati lenashipu, amakhala ndi mgwirizano wosainidwa ndi anthu atatu, wophunzira, bwana ndi sukulu, n'kulembetsedwa ku SETA, bungwe loyang'anira maphunziro a pantchito, ndipo ngakhale pamenepo wophunzira amalandira alawansi yokhazikitsidwa ndi lamulo. Abwana analibe pepala lililonse la mtundu umenewo. Kalata imene anabwera nayo kuti iwateteze ndi imene inawagwetsa, poti inali ndi tsiku lomalizira.

Masamu ndinali nditapangiratu. Kuchokera pa 3 Juni kufika pa 27 Seputembala ndi masabata 17. Pa maola 40 sabata iliyonse, akukwana maola 680. Malipiro otsikitsitsa kuyambira pa 1 Malichi 2024 anali R27.58 pa ola, ndiye zonse zinakwana R18,754.40. Abwana anafuna kuchotsapo ndalama ya takisi, R50 kwa masiku 85, yomwe ndi R4,250, kuphatikizapo nkhomaliro imene ndinkadya kukhitchini. Zinakanika. Lamulo limanena kuti ndalama ya mayendedwe, chakudya ndi matipu siziwerengedwa ngati mbali ya malipiro otsikitsitsa.

Miyezi itatu yoyamba ndinaisiya dala. Achimwene aja ankati ndiifunenso, koma ine ndinaona kuti pamenepo panali kabuku, panali mphunzitsi, ndipo amene ankapindula kwambiri ndinali ine. Kuikakamira kukanangosokoneza mbali imene inali yoonekeratu.

Tsikulo linakonzedwa kuti kuyanjanitsa kukalephereka, komishinala ayambe pomwepo kumva umboni n'kudzapereka chigamulo. Abwana ataona kumene mphepo ikulowera, anapempha kuti tikambirane. Ntchitoyo sindinkaifunanso, ndiye ndinasiya nkhani ya kuchotsedwa, iwo n'kuvomera kulipira ndalama yonse ya maola aja m'magawo atatu. Ena anganene kuti ndinagonja msanga. Mwina n'zoona, koma lendi inali itandikhala pakhosi.

Chimodzi chimene ndinaumirira n'chakuti mgwirizanowo ulembedwe ndi masiku enieni olipira komanso nambala ya akaunti yanga, ndiponso usandutsidwe chigamulo pansi pa ndime 142A ya lamulo la ubale wa pantchito lija. Zinandithandiza, chifukwa gawo lachiwiri silinabwere pa tsiku lake. Ndinabwerera ku Fox kukadzaza fomu ya LRA 7.18, yopempha kuti chigamulocho chitsimikizidwe kuti sherifu wa kukhoti athe kukalanda katundu wa abwana. Ndinatumizira abwana chithunzi cha fomuyo Lachitatu masana, ndipo Lachisanu m'mawa ndili mu takisi pa Bree foni inalira, ndalama yonse yotsala italowa kamodzi.