Mapulokisi a ukwati wa ku Rosettenville anandionetsa zakuda

Sabata ino ndatopa zedi amangwetu. Lolemba m'mawa bwana anandiponyera hadi dilaivi ya ukwati wa Amalawi anzathu omwe unachitika Loweruka ku Rosettenville kuno ku Joni kuti ndidule vidiyo yake, makamera awiri, maola 6 onse pamodzi chifukwa mukudziwa perekani perekani wathu sachedwa kufika maola atatu. Anyamata anajambula 4K pa 50p, XAVC HS ija ya H.265 10-bit 4:2:2, pa 200 Mb/s. Ola limodzi ndi pafupifupi 90 GB ndiye zonse zinakwana ngati 540 GB. Kompyuta ya muofesi muja ndi nkhalamba, RAM yake 16 GB, ndipo khadi yake ya zithunzi siitha kumasula H.265 ya 4:2:2, ntchito yonse imagwera pulosesa. Ukangodina kuti isewere, fani imalira ngati chigayo, chithunzi chimayenda masekondi awiri kenako njo, kuima, mawu okha akupitirira.

Bwana amaganiza kuti vuto ndi kukula kwa mafayilo, ndawafotokozera kambirimbiri koma sizilowa. H.265 siisunga fulemu iliyonse yathunthu, imasunga imodzi yathunthu kenako zotsatirazo imangolemba zomwe zasintha, ndiye ukadumphira pakati pa kilipu kompyuta imayenera kubwerera m'mbuyo kukafuna fulemu yathunthu ija n'kuyamba kuwerengetsera mpaka ifike pomwe waima. Mankhwala ake ndi mapulokisi, makope opepuka a mafayilo enieni. ProRes 422 Proxy fulemu iliyonse ndi yoima payokha, n'chifukwa chake ngakhale makina okalamba amaithamangitsa bwinobwino. Pa 1280x720 50p imadya pafupifupi 17 GB pa ola, maola 6 aja ndi 100 GB ndi kakanenepa, si yaing'ono kwenikweni koma ndi yopepuka kuimasula. Umadula pa yopepukayo, pa ekisipoti Premiere Pro, pulogalamu yomwe timadulira vidiyo, imabwerera yokha ku 4K.

Masiku onse ndimangosankha makilipu n'kupanga Proxy > Create Proxies, Media Encoder n'kumagaya. Koma ikamagaya kompyutayo sungaigwiritsenso ntchito ina, ndipo ndinali ndi kavidiyo ka tchalitchi koti ndimalize tsiku lomwelo. Ndiye ndinati ayi, nditenge kalaputopu kanga kakale kaja kazipanga mapulokisi pambali ndi ffmpeg, pulogalamu yosinthira mafayilo a vidiyo. Ndinalemba kalupu koti kazidutsa mu foda ya CAM_A kenako CAM_B, fayilo iliyonse kazichita izi:

```
ffmpeg -y -i CAM_A/C0001.MP4 -map 0:v:0 -map 0:a \
  -vf scale=1280:720 -c:v prores_ks -profile:v 0 \
  -c:a pcm_s16le PROXY/C0001_Proxy.mov
```

Fulemu reti sindinaikhudze, inakhala 50 yomweyo, ndipo `-map 0:a` imatenga mawu onse mmene alili chifukwa matchanelo a mawu akasiyana ndi a fayilo yeniyeni Premiere imakana kulumikiza. Zimenezo ndinasamala. Pa sikilini pankaoneka `speed=0.4x`, kutanthauza maola ngati 15, ndinakasiya kakubuula usiku wonse.

Lachiwiri ndafika ndapeza zatha, ndalowa mu bini ya CAM_A, Attach Proxies, ndaloza fayilo yoyamba, ena onse analumikizika okha potsatira mayina. Ndadina Toggle Proxies, batani losinthira pakati pa pulokisi ndi fayilo yeniyeni, eee zinthu zikuyenda myaa. Akwati amafuna kachidule ka mphindi zitatu Lachitatu kuti atumizire abale ku Mzimba ndi ku Balaka, ndiye bwana anati ingoyamba ndi kamera A yokha, B udzaiona pa vidiyo yaikulu. Ndinadula tsiku lonse, ndasankha pomwe mkwatibwi akutsika mugalimoto, povekana mphete, mayi ake akulira, zonse zikugwera pa kugunda kwa nyimbo, ndinanyadira ndekha kunena zoona.

Lachitatu masana ekisipoti yatha, bwana aima kumbuyo kwanga tikuonera. Pomwe ndinaika mphete pakuoneka msana wa abusa. Pomwe pamayenera kukhala mayi akulira pakuoneka kamera ikuloza pansi, nsapato za wojambula. Theka loyamba lonse zinyalala, theka lachiwiri la kuholo lili bwinobwino. Bwana anangoti "Achimwene, mwatani kodi, mwayamba kumwa masana?" Ine thukuta kamukamu, ndikutsegula pa taimulaini zonse zili m'malo mwake. Kenako ndinazimitsa Toggle Proxies, chithunzi n'kusintha kukhala china chake. Kuyatsa, mphete. Kuzimitsa, msana wa abusa. Apo m'pamene ndinadziwa.

Makamera onse awiri amatcha mafayilo mofanana, C0001.MP4, C0002.MP4 kumapita. Kamera A inali ndi makilipu 60, B inali ndi 23, onse kuyambira pa C0001. Ine mapulokisi onse ndinawathira mu foda imodzi ya PROXY, ndipo ka `-y` kaja kamauza ffmpeg kuti ikapeza fayilo ya dzina lomwelo ingolemba pamwamba osafunsa. Ndiye itamaliza A n'kulowa mu B inafufuta mapulokisi 23 oyambirira a A n'kuikapo a B. Ine tsiku lonse ndimadula zithunzi za kamera B zitavala dzina la kamera A. Premiere sinadandaule chifukwa dzina likufanana, mawu matchanelo awiri mbali zonse, basi. Chondipweteka n'chakuti umboni unali poyera, mafayilo enieni 83, mu PROXY muli 60. Ndikanangowerenga. Komanso kilipu ina yaitali chithunzi chake chinatha msanga pamene kilipuyo isanathe, ine n'kumati ndi nkhalamba ija yayambanso matenda ake.

Cholakwa changa ndavomera, koma bwana ndinawauza mosabisa kuti chaka chatha ndinapempha kuti makamera apatsidwe mayina osiyana mu menyu, ina iziyamba ndi A ina B, ntchito ya mphindi imodzi. Ndinapemphanso kuti anyamata aziyatsa zoti kamera izijambuliratu pulokisi yake pakhadi, makamera amenewa amatha. Yankho lake linali loti makhadi adzadza msanga ndipo atsopano ndi odula. Za kompyuta yatsopano ndiye musanene, "tiona mwezi wamawa" kuyambira Janyuwale.

Kukonza kwake sikunali kovuta koma nthawi. Mapulokisi 23 aja ndi abwinobwino, kungoti ndi a B, ndiye ndinawasamutsira mu PROXY/CAM_B, otsalawo mu PROXY/CAM_A, n'kugayanso 23 a kamera A okha, ulendo uno ndi `-n` m'malo mwa `-y` kuti ikapeza dzina lofanana ikane. Anali ngati maola awiri a zithunzi, pa liwiro lija maola 5. Pakati pake magetsi anathima, batire ya laputopu inafa kalekale, fayilo yomwe imalembedwa inaduka ndipo kuitsegula imangoti `moov atom not found`. Imeneyo uyenera kuifufuta ndi manja, apo ayi `-n` iilumpha poganiza kuti ilipo kale.

Kachidule sindinakadulenso konse. Zomwe ndinasankha zija zinali zabwino, zinangokhala za kamera ina, ndiye ndinalemba malo a kaduka kalikonse n'kukatenga pa kilipu ya B ya nambala yomweyo. Panali tizidutswa 31, ndinamaliza cha m'ma 11 usiku, matekisi atatha, ndinagona pa sofa ya muofesi.

Lachinayi ndi Lachisanu palibe chachilendo, vidiyo yaikulu, perekani perekani wosatha uja, kukonza mitundu mapulokisi atazimitsidwa chifukwa pa 720 sungaone ngati fokasi yaphonya. Pano ndisanadule chilichonse ndikumawerenga mafayilo mbali zonse, kenako kilipu yoyamba, yapakati ndi yomaliza ya kamera iliyonse ndimayatsa ndi kuzimitsa Toggle Proxies kuona ngati chithunzi chikhala chomwecho. Loweruka kuli chinkhoswe ku Turffontein, makamera atatu, ndipo ndauza anyamata kuti ndibwera ndekha m'mawa kudzasintha mayina mu menyu, bwana afune asafune.