Katsabola wa mwana wanga: kumuletsa kukanda ndi tsiku lothamangira kuchipatala

Nkhanambo yomaliza yagwa, ndiye ndapumako. Koma tsiku limene tinakhala pamzere kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka likundipwetekabe mtima. Ndinanena pakhomo pomwe kuti mwanayu akuoneka kuti ali ndi katsabola. Anatiloza pabenchi yomwe panali amayi oyembekezera ndi makanda, chonsecho matendawa amafala mumpweya ndipo ndi oopsa kwa anthu amenewo. Ndinamunyamula n'kukaima panja. Titalowa, anangoti palibe mankhwala opha kachilomboka mwa mwana wathanzi, tikamusamalire kunyumba. Tsiku lonse lathunthu! Inu mukapita, umirirani kuti akukhazikeni panokha.

Kunyumba ntchito yaikulu ndi kuyabwa. Ndinamuwenga zikhadabo mpaka kufupika, usiku n'kumamuveka masokosi m'manja, chifukwa amakanda kwambiri ali m'tulo. Zipsera zambiri zimabwera thuza likakandidwa n'kulowa tizilombo, kapena nkhanambo ikamatulidwa isanagwe yokha. Ndinkamusambitsa madzi ofunda pang'ono, osamukhula, ndipo pomupukuta ndinkangogunditsa kansalu kofewa. Kenako kalamaini, mankhwala opaka ochepetsa kuyabwa, pathuza lililonse, kupatula pafupi ndi maso. Zovala zikhale zopepuka, thukuta limawonjezera kuyabwa.

Za kutentha thupi, ndi parasetamo basi, pa mlingo wa msinkhu wake. Asipirini ayi, angathe kuwononga chiwindi ndi ubongo wa mwana wa katsabola. Aibupulofeni nayenso ayi, amawonjezera chiopsezo cha matenda aakulu a pakhungu, ngakhale wogulitsa mankhwala atakulozerani ameneyo.

Matuza atsopano akamatuluka ena akuuma musadabwe, amabwera m'magulu kwa masiku angapo. Wathu anali nawo ndi m'kamwa momwe, ndiye ndinkangomumwetsa madzi pafupipafupi. Kusukulu asapite mpaka onse atauma, kawirikawiri pakadutsa masiku 5 mpaka 7 chiyambireni zidzolo.

Tinabwereranso kuchipatala, ndipo ulendo umenewo unali woyenera. Thupi linali litazizira, kenako linatenthanso. Nditamuyang'ana bwinobwino ndinapeza thuza limodzi pantchafu litatupa, khungu lozungulira lotentha ndi lolimba, ndikakhudza amalira, mafinya akutuluka. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho khudzani ndi dzanja. Anatipatsa mankhwala opha mabakiteriya, ndipo pamenepo pokha ndi pomwe patsala chipsera.

Musadikirenso ngati kutentha kwapitirira masiku 4, mwana akubanika, akungogona osadzuka bwino, khosi lauma, akudzandira, akukomoka, sakukodza, kapena thuza lili m'diso. Khanda, ndiponso mwana wa chitetezo chofooka monga amene ali ndi HIV, apite tsiku loyamba lomwelo, chifukwa mankhwala a asaikuloviya amathandiza akayambidwa msanga.

Zikhadabo zija muziwenganso, sizichedwa kukula.