Mmene ndinapezera seketi yoyimira thiransifoma ya fezi imodzi poyesa openi seketi ndi shoti seketi

Thiransifoma imene ndinayesa inali yaing'ono, ya m'chipinda choyeseramo zamagetsi, ndipo pa kachitsulo ka m'mbali mwake panalembedwa 2 kVA, 230/115 V, 50 Hz. Cholinga changa chinali kupeza manambala anayi amene amafotokoza khalidwe lake lonse pa seketi yoyimira thiransifoma. Awiri ali pa nthambi yopingasa, ndipo ndi Rc, yoyimira mphamvu yotayika m'chitsulo chapakati, ndi Xm, yoyimira karenti yopanga maginito. Awiri enawo ali m'njira imene karenti ya katundu imadutsa, ndipo ndi Req, rezisitansi ya makoyilo onse awiri pamodzi, ndi Xeq, riyakitansi yobwera chifukwa cha fulakisi imene siikola makoyilo onse awiri. Ubwino wa mayeso awiriwa ndi woti lililonse limaonetsa nthambi imodzi n'kubisa inzake, ndipo thiransifoma siifunika kusenzetsedwa katundu weniweni.

Ndisanalumikize waya aliyense ndinawerengera karenti yokwanira ya mbali zonse ziwiri, chifukwa ndiyo imatiuza mamita oyenera. Kugawa 2000 ndi 230 kumapereka 8.7 A kumbali ya voliteji yaikulu, ndipo kugawa 2000 ndi 115 kumapereka 17.4 A kumbali ya voliteji yaing'ono.

Ndinayamba ndi mayeso a openi seketi. Magetsi ndinawalowetsa kumbali ya 115 V kudzera pa variyaki, chipangizo chokwezera ndi kutsitsira voliteji pang'onopang'ono, ndipo mbali ya 230 V ndinaisiya yosalumikiza ku chilichonse, koma nsonga zake ndinazitchinga bwino chifukwa pamakhala voliteji yonse ngakhale sipakuyenda karenti. Timasankha mbali ya voliteji yaing'ono chifukwa voliteji yake ndi yosavuta kuipeza komanso karenti yake imakhala yokulirapo moti amita imaiwerenga bwino. Amita ndi koyilo ya karenti ya watimita ndinaziika motsatana m'njira ya karenti, pamene votimita ndi koyilo ya voliteji ya watimita ndinazipingasa pa nsonga ziwirizo. Kenaka ndinakweza variyaki pang'onopang'ono kuchokera pa ziro mpaka votimita inaloza 115 V ndendende. Kufika pa voliteji yeniyeniyo n'kofunika kwambiri, chifukwa chitsulo chikayamba kukhuta maginito, kuwonjezera voliteji pang'ono chabe kumakweza karenti mopitirira muyeso, ndipo Xm imene mungapeze pa 100 V siingakhale ya thiransifoma ikamagwira ntchito.

Mamita anaonetsa 115 V, 0.9 A ndi 30 W. Karenti imeneyi ndi pafupifupi 5 peresenti ya 17.4 A, ndipo n'chifukwa chake mphamvu yotayika m'makoyilo tingaiiwale pa mayesowa. Kutentha kwa waya kumatsata karenti yochulukitsidwa ndi yokha, choncho pano sikukwana ngakhale 0.2 W. Mawati 30 onsewo tikhoza kunena kuti akutayikira m'chitsulo, ena chifukwa cha hisiteresisi pamene maginito akutembenukatembenuka, ena chifukwa cha timakarenti tozungulira m'timapepala ta chitsuloto.

Watimita ndi imene inandipatsa ntchito. Pawa fakita ya mayesowa ndi yotsika, pafupifupi 0.29, ndipo pa watimita wamba singano inangosuntha pang'ono kumayambiriro kwa sikelo, kumene munthu sangasiyanitse 28 ndi 32. Ndinasintha n'kutenga watimita yopangidwira pawa fakita yotsika, ndipo ndinalemba pa pepala nambala yochulukitsira ya renji imene ndinasankha ndisanawerenge chilichonse, pakuti kuiwala nambala imeneyi kumasokoneza mawerengero onse otsatira popanda chizindikiro.

Karenti ya 0.9 A ili ndi zigawo ziwiri zopingasana ndi madigiri 90. Chigawo china chimayendera limodzi ndi voliteji ndipo ndicho chimasenza mawati, pamene china chimatsalira m'mbuyo ndipo ntchito yake ndi kupanga fulakisi. Chifukwa choti n'zopingasana, sitingangochotsera china ku chinzake ngati manambala wamba.

```
Iw = W0 / V0 = 30 / 115 = 0.261 A
Im = √(I0² − Iw²) = √(0.9² − 0.261²) = 0.861 A
Rc = V0 / Iw = 441 Ω
Xm = V0 / Im = 133.5 Ω
```

Pambali pa manambala awiriwa ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi a mbali ya 115 V. Chifukwa chake chioneka posachedwa.

Nditazimitsa magetsi ndi kubweza variyaki pa ziro, ndinakonzekera mayeso a shoti seketi. Apa zinthu zimatembenuka. Magetsi amalowa kumbali ya 230 V, ndipo nsonga ziwiri za mbali ya 115 V zimalumikizidwa ndi waya wamfupi, wonenepa. Timatero chifukwa karenti yokwanira ya mbali ya voliteji yaikulu ndi yocheperapo, 8.7 A osati 17.4 A, ndipo variyaki ndi mamita zimaipirira mosavuta. Pa mayesowa diso silikhala pa votimita koma pa amita, ndipo dzanja limatembenuza variyaki pang'ono kwambiri, chifukwa chimene chikutchinga karenti ndi impidansi yaing'ono ya makoyilo yokha. Ndimayang'ana kawiri kuti variyaki ilidi pa ziro ndisanayatse, pakuti 230 V yonse italowa pa thiransifoma iyi ili yoshotedwa, karenti ingafune kufika cha m'ma 167 A, kuwirikiza pafupifupi 19 karenti imene makoyilo anapangidwira.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa pa waya woshotera. Ndinatenga waya wopyapyala wokhala ndi topanira kunsonga, ndipo amita itafika pa 8.7 A watimita inaonetsa 76 W. Nditazimitsa ndinapeza kuti wayayo watentha pomwe makoyilo sanafunde n'komwe, ndipo mpamene ndinazindikira kuti mita ikuwerenganso mphamvu yotayika kunja kwa thiransifoma. M'waya ameneyo mumadutsa 17.4 A, choncho ngakhale rezisitansi yake itangokhala 0.02 Ω, imadya mawati 6. Ndinaika kachitsulo kamkuwa kolimba, komangidwa ndi mabawuti, ndipo nditabwereza ndinapeza 12 V, 8.7 A ndi 70 W. Ndinawerenga mamita atatuwo mofulumira, chifukwa mkuwa ukamatentha rezisitansi yake imakwera ndipo singano ya watimita imayamba kukwawa.

Mavoti 12 ndi pafupifupi 5 peresenti ya 230 V, ndipo fulakisi ya m'chitsulo imatsika molingana ndi voliteji. Popeza mphamvu yotayika m'chitsulo imatsata pafupifupi voliteji yochulukitsidwa ndi yokha, mawati 30 aja amatsika mpaka kuchepera 0.1 W. Karenti yopita ku nthambi yopingasa nayo imakhala yochepetsetsa poyerekeza ndi 8.7 A. Motero nthambi ija imakhala ngati palibe, ndipo mawati 70 ndi a mkuwa wa makoyilo onse awiri pa katundu wokwanira.

```
Zeq = Vsc / Isc = 12 / 8.7 = 1.379 Ω
Req = Wsc / Isc² = 70 / 75.69 = 0.925 Ω
Xeq = √(Zeq² − Req²) = 1.023 Ω
```

Tsopano ndifike pamene ndikuona kuti anthu ambiri amaphonya, ngakhale atawerenga mamita molondola. Manambala anayi ndinali nawo, koma sanali a mbali imodzi. Rc ndi Xm zinachokera kumbali ya 115 V, pamene Req ndi Xeq zinachokera kumbali ya 230 V, ndipo kuziika pa chojambula chimodzi momwe zilili n'chimodzimodzi kuphatikiza ndalama za mayiko awiri osasintha. Impidansi ikamaoloka thiransifoma imachulukitsidwa ndi kuchuluka kwa mapindo a koyilo imodzi poyerekeza ndi inzake, kochulukitsidwa ndi kokha. Chifukwa chake n'chakuti kumbali ya 230 V voliteji ndi yowirikiza kawiri pamene karenti ndi theka, choncho voliteji yogawidwa ndi karenti imakula kanayi.

```
a = 230 / 115 = 2
Rc' = a² × 441 = 1764 Ω
Xm' = a² × 133.5 = 534 Ω
```

Ndinadzitsimikizira m'njira yosavuta. Mphamvu yotayika m'chitsulo siingasinthe chifukwa choti munthu waima mbali ina, ndiye 230 yochulukitsidwa ndi yokha n'kugawidwa ndi 1764 iyenera kubwezera mawati 30, ndipo imabwezeradi. Ndikanaika 441 kumbali ya 230 V, seketi yanga ikananena kuti chitsulo chikudya 120 W, zimene palibe mita inaonetsa. Kuyesa kotereku kumatenga mphindi imodzi, ndipo ndimaona kuti n'kofunika kuposa kuwonjezera manambala ambiri kutsogolo kwa kadontho.

Seketi itakwana kumbali ya 230 V, ndinaifunsa mafunso awiri amene mayesowa amachitidwira. Pa katundu wokwanira wa pawa fakita 0.8 yotsalira m'mbuyo, thiransifoma imatulutsa 1600 W ndipo imataya 30 W m'chitsulo ndi 70 W m'makoyilo, choncho 1600 yogawidwa ndi 1700 imapereka 94.1 peresenti, limene ndi gawo la mphamvu yolowa lofika ku katundu. Za kutsika kwa voliteji pa katundu yemweyo, mawerengero ake ndi awa:

```
ΔV ≈ I (Req cos φ + Xeq sin φ)
   = 8.7 × (0.925 × 0.8 + 1.023 × 0.6) = 11.8 V
```

Mavoti 11.8 pa 230 ndi 5.1 peresenti, kutanthauza kuti mbali ya 115 V ingatsike ndi pafupifupi 6 V. Zonsezi ndinazidziwa ndisanagwiritse ntchito mawati oposa 76 pa nthawi imodzi, pamene kuyesa ndi katundu weniweni kukanafuna chinthu chomeza pafupifupi 2 kW.

Pali chimodzi chimene mayesowa sanandipatse. Req ndi Xeq ndi za makoyilo awiri ophatikizana, ndipo shoti seketi siinena kuti gawo la koyilo iliyonse ndi liti. Rezisitansi ya koyilo iliyonse ikhoza kuyesedwa payokha ndi magetsi a batire, ngakhale imatuluka yocheperako kuposa imene magetsi a 50 Hz amaona. Riyakitansi yokha siigawika motero, ndipo mwachizolowezi timangoigawa pakati, 0.51 Ω uku ndi uku, zikaonedwa kuchokera mbali imodzi. Ndinalembanso kutentha kwa m'chipindamo, madigiri 25, chifukwa Req ya makoyilo ozizira ndi yocheperapo kuposa ya thiransifoma imene yagwira ntchito maola ambiri. Poisinthira ku madigiri 75, amene kawirikawiri amatengedwa ngati muyezo, rezisitansi ya mkuwa imachulukitsidwa ndi 310 yogawidwa ndi 260, ndipo pa thiransifoma yaing'ono ngati iyi 0.925 Ω imakwera kufika pafupifupi 1.10 Ω, pamene mawati 70 aja amasanduka pafupifupi 83.