Mbuzi ya mawoni 50 miliyoni

Poti amsungichuma afalitsa kale kuti ine ndidagulitsa mbuzi ku Koreya pa mtengo wa galimoto, ndiloleni ndifotokoze ndekha asanawonjezere mchere. Sindidagulitse kanthu. Ndinkangomasulira m'Chikoreya gawo la pulopozo lofotokoza bajeti, lija limanena kuti ndalama iliyonse ikupita kuti komanso chifukwa chake. Mbuzi zinali 120 zoti zigawidwe m'mabanja, imodzi mawoni 50,000 m'ndalama za ku Koreya, zonse pamodzi 6,000,000. Masamu oti mwana wa Sitandade 5 atha kuwerengera uku akusewera.

Fomu ya bungwe la ku Koreya lomwe tinkapemphako thandizo idabwera ili ya `.hwp`, mtundu wa fayilo womwe maofesi a ku Koreya amaukonda. Pakona yakumanja pamwamba pa tebulo panali timawu tating'ono ngati nyerere, takuti `단위: 천원`. Tanthauzo lake ndi lakuti nambala iliyonse m'tebulomo ikuwerengedwa m'masauzande a mawoni. Ukalemba 50 ndiye kuti 50,000. Ukalemba 6,000 ndiye kuti 6 miliyoni. Timawuto ndidatiwona, ndipo Chikoreya chake ndimachimva bwinobwino. Kungoti ndidatenga manambala kuchokera ku Excel monga analili n'kuwamata ndi maziro awo onse, mtima uli m'malo.

Choncho mbuzi imodzi idakhala mawoni 50,000,000.

Taimani kaye muiganizire mbuzi imeneyi. Ku Seoul ndalama imeneyo mumalowa nayo mogulitsira magalimoto n'kutuluka mukuyendetsa yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ndiye pali mbuzi yakwathu, nthiti zikuwerengeka, chingwe cha khonje m'khosi, ikutafuna jumbo kuseri kwa msika, osadziwa kuti yalemera kuposa mudzi wonse ndi amfumu omwe. Yotereyi simungaimangirire pamtengo wa mango. Ikufunika mlonda wa usiku, inshulansi, mwinanso dalaivala. Ikatsokomola, komiti yonse iyitanitse msonkhano wadzidzidzi. Ndipotu si imodzi. Zilipo 120, moti pa mzere wa mbuzi wokha tinkapempha mawoni 6 biliyoni, ife anthu ochitira misonkhano pansi pa mkuyu.

Likadakhala vuto lokhalo bwenzi ndikuti diso lidaphonya. Koma m'mawu ofotokozera mudalinso china. Tikamawerenga ndalama za bajeti tidazolowera kudumpha maziro atatuatatu: sauzande, miliyoni, biliyoni. Akoreya amadumpha anayianayi. Ali ndi 만 yemwe ndi 10,000, kenako 억 yemwe ndi 100,000,000. Chosokoneza n'chakuti polemba manambala amaika mpatuliro pakatha manambala atatu ngati ife tomwe, ndiye diso limadula patatu pamene pakamwa pakudula panayi. M'chiganizo salemba maziro ambirimbiri, amalemba `5만 원`. Njira yake ndi yophweka: phimbani maziro anayi akumapeto ndi chala, chotsalacho ndiye chiwerengero cha 만. Pa 50,000 patsala 5. Pa 6,000,000 patsala 600, ndiye `600만 원`. Ine chala sindidagwiritse ntchito, ndidadalira mutu, ndipo mutu udati miliyoni ndi 만 khumi pomwe ndi 100. Ndidalemba `60만 원`, kutanthauza 600,000. Gawani ndi 120 muwone: mbuzi imodzi mawoni 5,000.

Pa tsamba limodzi mbuzi yomweyo inali ndi mitengo itatu. M'tebulo 50 miliyoni, koyambirira kwa ndime 50,000, kumapeto kwa ndime yomweyo 5,000. Ndingonena podziteteza kuti umodzi mwa mitengo itatuyo unali wolondola.

Mayi woyang'anira mapulopozo ku bungwe lija adalemba kalata yaulemu kwambiri, kunditchula kuti 선생님, ulemu womwe amapatsa aphunzitsi. Adafunsa ngati mbuzizo zili za mtundu wapadera. Kenaka adafunsanso, mofatsa momwemo, chifukwa chomwe tikuyembekezera kuti alangizi a ziweto abereke.

Apa ndiye pofunika kumvetsera, chifukwa cholakwachi chimagwera ngakhale odziwa masamu. Bajeti yathu inali ndi 2.1 matabwa a makola, 2.2 malata, 2.3 mbuzi, 2.4 maulendo a alangizi. Zikalata za Chikoreya zimakonda kusanja timizere tam'munsi ndi zilembo zawo, 가, 나, 다, 라. Pofuna kuti tebulo likwane pa tsamba, atcheya adati matabwa ndi malata ziphatikizidwe zikhale mzere umodzi wa makola, wolembedwa `1식`, kutanthauza ntchito yonse pa mtengo umodzi. Mizere yonse yapansi idakwera ndi sitepe imodzi. Mbuzi zidachoka pachitatu n'kukhala 나, alangizi adalowa pa 다. Koma ine mawu ndinali nditamasulira kale dzulo lake, ndipo pomwe panali 2.3 ndidaika `2-다`, poti chachitatu ndi chachitatu basi. Ndiye pansi pa alangizi panali kufotokoza kwakuti iliyonse ikabereka, mwana woyamba wamkazi adzaperekedwa ku banja lina.

Atcheya adavula magalasi. “Achimwene, Chikoreya chimenechi mudachiphunziradi, kapena mudangokadya mpunga kumeneko?” Ndidawakumbutsa mwaulemu amene adalamula zophatikiza mizere. Adavalanso magalasi n'kuyamba kuyang'ana foni.

Ngakhale `1식` ija idabwerera. Olandira pulopozo amafuna chomwe amati `산출근거`, maziko a kawerengedwe: mtengo wa chimodzi, kuchulukitsa ndi kuchuluka kwake, kuchulukitsanso ndi maulendo kapena miyezi. Ndalama yaikulu yongolembedwa chiunjike amaibweza kuti muiphwanye. Matabwa ndi malata zidayenera kupatukananso, mizere n'kutsikanso, mbuzi n'kubwerera pa 다 pomwe ndidaziika poyamba paja. Mfundo imeneyi amsungichuma saitchula akamasimba nkhaniyi.

Pokonza tidayambira kutebulo, osati kumawu. Tidagwirizana kaye kuti mizere yatsekedwa, palibenso wophatikiza kapena kuchotsa. Kenako tidapanga tsamba la Excel la magawo asanu: nambala yakale ya mzere, chilembo chake chatsopano, ndalama yonse ndi maziro ake, ndalama yomweyo yogawidwa ndi 1,000 ya m'tebulo, ndi yogawidwa ndi 10,000 ya m'chiganizo. Mzere wa mbuzi unkawoneka chonchi:

```
2.3 | 2-다 | 6,000,000 | 6,000 | 600만
```

Nambala iliyonse yolowa m'Chikoreya inkachokera pamenepo, osati m'mutu mwa munthu. Mtengo wosinthira kwacha kupita ku woni tidasankha umodzi, kuulemba pansi pa tebulo ndi tsiku lake m'kalembedwe kawo koyamba ndi chaka, kenako mwezi ndi tsiku, ndipo sitidaukhudzenso. Pali kena kobisika komwe kamatulukira pogawa ndi 1,000. Mizere iwiri ya 1,400 iliyonse imasanduka 1 ndi 1, koma pamodzi ndi 2,800 yomwe imasanduka 3, ndiye wowerenga akaphatikiza ndi maso apeza 2. Tidathana nako pokonza mitengo kuti mzere uliwonse uthere pa maziro atatu.

Pomaliza amsungichuma, omwe sadziwa chilembo ngakhale chimodzi cha Chikoreya, adatenga pepala losindikiza ndi lula. Ine ndinkawerenga ndime iliyonse kubwezera m'Chichewa, iwo n'kumaloza mzere wake ndi kuchulukitsa pa kakyuleta. Mzere uliwonse tikafika pa mbuzi ankati “mee” chapansipansi.

Pulopozo idapitanso, yankho tikudikirabe. Mbuzi pakadali pano zakwera mtengo pa msika, ndiye mwina bajeti ifunika kukonzedwanso, ndipo atcheya akuti afunsa kaye ngati m'boma muno muli wina wodziwa Chikoreya.