Lachitatu ku Salima: belo la madiresi, milu inayi

Belo lafika cha m'ma 9 koloko m'mawa pa minibasi yochokera ku Lilongwe, ndipo wakabaza walinyamula kuchokera pa Kamuzu Road kufika nalo kunyumba. Ndi belo la kaunjika, la madiresi opepuka aamayi, la makilogalamu 45. Mwezi uno wa Okutobala kuno kunyanja kukutentha moti munthu sangayang'ane n'komwe juzi kapena jekete, komanso ndi nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, choncho diresi yopepuka yooneka bwino ndi imene ikuyenda.

Ntchito ya belo ili inayamba dzulo kusitolo yopikulitsa, chifukwa belo likangotuluka pakhomo la sitolo silibwezedwa. Choyamba ndi sikelo. Belo lolembedwa 45 likamalemera 41 kapena 42, dziwani kuti wina analowetsamo dzanja. Chachiwiri ndi malamba omangira: akhale amtundu umodzi, omangika molimba mofanana, olowa m'kati mwa belo chifukwa linapanikizidwa ndi makina. Mukaona lamba wina wolumikiza, kapena saka losokedwa ndi ulusi wosiyana, belolo linatsegulidwapo, zabwino n'kuchotsedwa, kenako n'kumangidwanso. Chachitatu ndi mphuno. Kaunjika ali ndi fungo lake lomwe tonse timalidziwa, koma fungo la chinyezi ndi lina, ndipo limatanthauza chuku m'kati. Belo lonyowa limalemeranso bwino pasikelo, n'chifukwa chake sikelo payokha siyokwanira.

Tisanadule lamba talemba kaye ndalama zonse m'kope. Belo K640,000. Thiransipoti ya munthu ndi katundu, kuphatikizapo kabaza, K20,000. Sopo, makala a simbi, majumbo ndi bandulo ya intaneti K20,000. Zonse pamodzi K680,000. Mitengo ya mabelo sikukhazikika chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye nambalazi ndi za belo ili lokha, osati za mwezi wamawa.

Tayala mkeka pakhonde pomwe pali kuwala kokwanira, tadula malamba, belo n'kufufuma. Tawerenga madiresi 160. Apa ndi pomwe ambiri amasochera: amagawa K680,000 ndi 160, n'kupeza K4,250, ndiye amaganiza kuti diresi iliyonse ikagulitsidwa K6,000 phindu lilipo. Si choncho. M'belo muli madiresi oti munthu angalipire K12,000 osanyinyirika, mulinso ena oti ngakhale K1,000 palibe angaitulutse. Mtengo wofanana umachititsa kuti abwino onse athe tsiku limodzi motchipa, inu n'kutsala ndi mulu wosagulika pomwe mpamba sunabwerere. Chimene chimabweza ndalama za belo ndi kusankha.

Kusankhako kwatitengera m'mawa wonse mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo sikufuna changu. Diresi iliyonse imagwidwa m'manja, imatembenuzidwa kunsi, n'kuikweza moyang'anitsa kuwala. Timabowo ta njenjete kapena ta moto wa ndudu sitioneka diresi ili pamkeka, timaoneka kuwala kukadutsamo. Kenako m'khwapa ndi m'kolala, komwe thukuta limasiya chikasu. Kenako zipi: itsegulidwe ndi kutsekedwa mpaka kumapeto, kawiri. Lasitiki ya m'chiuno muikoke pafupi ndi khutu. Ikamalira ngati tsamba louma ndiye kuti inafa, ndipo sibwerera. Pomaliza msoko wa m'mbali ndi mpendero wa m'munsi.

Mtsikana amene amatithandiza anaika diresi yobiriwira ya maluwa pamulu woyamba, yokongoladi, nsalu yake yosasuwa. "Amayi, iyi ndi nambala wani, taonani mmene ikuwalira," anatero. Titaitembenuza tinapeza kadontho koyera kumbuyo, pansi pa chiuno, kakang'ono ngati njere ya chimanga. Banga la mafuta ophikira limachoka ndi sopo wotsukira mbale, la dothi limachoka ndi kuviika, koma la jiki silichoka chifukwa mtundu wa nsalu ndi umene unadyeka. Diresiyo yapita pamulu wachiwiri. Zinamupweteka mtima, koma kasitomala wa pafoni amagula osaigwira, ndipo akakapeza yekha kadonthoko kunyumba kwake sadzagulanso kwa inu, adzauzanso anzake a pagulu.

Milu yatuluka motere. Nambala wani, opanda chilema chilichonse ndiponso a masitayilo amene akuvalidwa panopa, 40. Achiwiri, abwino koma osuwa pang'ono, akale sitayilo, kapena ofuna batani ndi kusoka pang'ono, 70. Achitatu, ong'ambika kapena a banga looneka, 35. Otsala 15 ndi nsanza basi, zopukutira kapena zopatsa atelala kuti adulemo zigamba.

Tsopano masamu enieni. Madiresi 40 pa K12,000 ndi K480,000. Madiresi 70 pa K5,500 ndi K385,000. Madiresi 35 pa K1,500 ndi K52,500. Pamodzi K917,500, ndipo tikachotsa K680,000 patsala K237,500. Phindu limeneli ndi la papepala, lidzaoneka pokhapokha diresi yomaliza itagulidwa, ndipo pamulu wachiwiri nthawi zonse pamatsala ena ofunika kuwatsitsa mtengo. Chofunika kuona ndi chakuti mulu woyamba, womwe ndi gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a belo, ukubweza ndalama zoposa magawo awiri mwa atatu a mpamba. Belo likatulutsa nambala wani wosakwana kubweza ngakhale theka la mpamba, mtundu umenewo wa belo sitiugulanso, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Ndimalemba dzina la pachikwangwani cha belo m'kope pambali pa milu yake, chifukwa patapita miyezi kope ndi limene limanena zoona za kumene tiyenera kupikula.

Si zonse zimene zimapita pa intaneti. Nambala wani yense apita, pamodzi ndi abwino a mulu wachiwiri atatha kukonzedwa. Ena onse akudikira tsiku la msika, komwe munthu amagwira yekha, n'kuona chilema ndi maso ake, n'kunenerera. Kujambula, kuyeza ndi kutumiza diresi ya K1,500 n'kutaya nthawi ndi bandulo, popeza ndalama yotumizira yokha iposa mtengo wa diresiyo.

Masana tachapa 40 aja ndi kuwayanika pamthunzi atatembenuzidwa, chifukwa dzuwa la kuno limasuwitsa nsalu yakuda ndi yofiira msanga. Pa kusita pamafunika kusamala. Madiresi opepuka ambiri ndi a poliyesitala, ndipo simbi yotentha kwambiri imasiya chizindikiro chonyezimira kapena kusungunula nsalu. Ngati simbi ndi yamakala, ikani kansalu kopyapyala pakati, chifukwa kamoto kamodzi kothetheka kamasandutsa diresi ya K12,000 kukhala ya mulu wachitatu.

Kujambula tayamba itakwana 4 koloko, dzuwa litapendeka. Khoma loyera, hang'ala imodzi, kuwala kochokera kumbali, opanda fulashi ndiponso opanda zokometsera mtundu za mufoni. Diresi yabuluu ikaoneka yobiriwira pachithunzi, mkangano wayamba kale. Iliyonse ili ndi zithunzi zinayi: kutsogolo, kumbuyo, chapafupi choonetsa nsalu, ndi kalebulo ka m'khosi. Ya mulu wachiwiri imakhala ndi chachisanu, choonetsa chilema chala chitalozapo. Iliyonse taimata kapepala ka nambala, D1 mpaka D40, nambala yomweyo n'kulowa m'kope ndi pachithunzi. Popanda nambala mumalandira uthenga wakuti "ndikufuna yofiira ija" pomwe zofiira zilipo zisanu ndi imodzi.

Saizi ya palebulo musaidalire. Mabelo amasakaniza zovala za m'mayiko osiyanasiyana: 12 ya ku UK ndi 40 ya ku Ulaya ndiponso 8 ya ku America, pomwe L yosokedwera msika wa ku China nthawi zambiri imakhala yaing'ono kuposa L ya ku Ulaya. Chovala chochapidwa kambirimbiri chimathanso kufupika. Tepi ndi imene imathetsa nkhani. Yalani diresi pathebulo, yezani kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa linalo n'kuchulukitsa kawiri, muchite chimodzimodzi m'chiuno ndi m'mahipi, kenako kutalika kuchokera paphewa kufika kumpendero. Mawu a pansi pa chithunzi akhale afupi koma okwanira, ngati awa a lero: "D7. Diresi ya maluwa, yosatamuka, zipi kumbuyo. Chifuwa mainchesi 36, chiuno 30, kutalika 42. K12,000. Salima, timatumiza." Mtengo ulembedwe poyera. Kunena kuti mtengo tikambirana kumbali kumathamangitsa wogula weniweni, n'kukusiyirani ongofunsa.

Tayika madiresi 10 okha pa WhatsApp ndi pa Facebook cha m'ma 6 koloko madzulo, nthawi yomwe anthu aweruka ndipo foni ili m'manja. Zithunzi za pasitetasi zimachoka pakatha maola 24, ndipo mukaunjika madiresi 40 nthawi imodzi munthu amatopa asanafike pakati. Khumi patsiku amatipatsa masiku anayi a katundu watsopano, ndipo abwino koposa tawasungira Lachisanu ndi Loweruka.

Pofika 8 koloko usiku anayi anali atalipiridwa. D3 anaifuna anthu awiri, wina wa ku Senga Bay, wina wa ku Dwangwa. Wa ku Senga Bay ndiye anayamba kulemba: "Achemwali, mundisungire, ndilipira kumapeto kwa mwezi." Tamuyankha mwaulemu kuti timasunga kwa maola awiri okha, kupitirira apo pafunika theka la ndalama. Sanatumize, ndipo diresi yapita ku Dwangwa. Kusungira munthu wosalipira kumaoneka ngati chifundo, koma diresi imadutsa masiku ake ogulika ili m'chikwama, ndipo mwini wake uja kawirikawiri sabweranso.

Pa malipiro, chithunzi cha uthenga wa ndalama sichitanthauza kuti ndalama yalowa, chifukwa mauthenga abodza amapangidwa mosavuta. Timayang'ana balansi tokha, *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, tisanamange phukusi. Ndalama yotapira kwa ejenti imadyanso phindu, choncho ndi bwino kutapa kamodzi zikachuluka kusiyana ndi kutapa ya diresi iliyonse payokha.

Maphukusi awiri a ku Dwangwa ndi ku Nkhotakota tawamanga usiku uno, dzina ndi nambala ya wolandira zalembedwa kunja ndi m'kati momwe. Ndalama yotumizira ndi ya wogula, ndipo anauzidwa asanalipire. Anyamuka mawa m'mawa pa minibasi ya msewu wa M5. Tidzajambula nambala ya galimoto, kutenga foni ya kondakitala, n'kutumizira wogula zonsezo nthawi yomweyo. Madiresi otsala tawapachika, ndipo a msika ali m'masaka pamwamba pa matabwa, osati pasimenti, chifukwa mvula ikayamba simenti imatulutsa chinyezi ndipo chuku chimagwira saka la pansi. Mwa khumi a lero, amene adzakhale asanagulidwe pofika Lachitatu likudzali tidzawajambulanso atavalidwa ndi munthu, mtengo n'kutsika kufika K10,000, ndipo akakanikanso sabata ina adzapita kumsika limodzi ndi mulu wachiwiri.